Pepala lolembera khutu: mmene amakonzera mawu okalankhula pa gulu

Madzulo a Lamulungu pa 7 Disembala 1941, patangopita maola ochepa ndege za nkhondo za Japan zitaphulitsa doko la Pearl Harbor ku Hawaii, Pulezidenti Franklin Roosevelt wa dziko la Amereka anaitana mlembi wake, Grace Tully, kuti alembe zimene ankafuna kukauza aphungu mawa lake. Akatswiri awiri amene ankamuthandiza kulemba zolankhula, Samuel Rosenman ndi Robert Sherwood, anali ku New York tsiku limenelo, choncho ntchitoyo anaigwira yekha. Ankalankhula modekha, akumatchula ngakhale pamene pakhale mpatuliro ndi pamene pakhale mpumiro. Mayiyo anakataipa, n'kubwera ndi masamba atatu.

Roosevelt atalandira masambawo anayamba kuwachonga ndi dzanja lake. Pepalalo lilipo mpaka lero ku nyumba yosungira zolemba zake ku Hyde Park, ndipo likuonetsa poyera ntchito imene anthu ambiri olankhula pa gulu amaidumpha: kutenga zimene zalembedwa kale n'kuzikonza kuti zidutse bwino pakamwa, zikafike m'khutu la munthu amene alibe pepala m'manja.

Chiganizo choyamba chokha anachikonza malo angapo. Poyamba chinkanena kuti tsiku la 7 Disembala lidzakhala m'mbiri ya dziko lapansi. Anafufuta mawu awiri onena za mbiri ya dziko lapansiwo n'kuikapo liwu limodzi lotanthauza mbiri ya manyazi ndi ya uchigawenga, ndipo ndi liwu limenelo limene anthu amatchulira zolankhulazo kufikira tsopano. Panalinso liwu lalitali lotanthauza kuti adaniwo anaukira malo angapo pa nthawi imodzi. Analichotsa n'kulembapo lalifupi lotanthauza kuti mwadzidzidzi. Kumapeto kwa chiganizocho anawonjezerapo mawu akuti popanda chenjezo, koma pambuyo pake anawafufutanso. Amene wamva kale kuti chinthu chachitika mwadzidzidzi safunika kuuzidwa kuti panalibe chenjezo, ndipo atachotsa mawuwo chiganizocho chinathera pa dzina la dziko limene linaukira. Pena ndi pena anaika timizere tomukumbutsa pamene ayenera kuima kaye.

Nduna yake ya zakunja, Cordell Hull, inkafuna kuti pulezidentiyo afotokoze mwatsatanetsatane mbiri yonse ya zokambirana zimene zinalephereka pakati pa mayiko awiriwa. Roosevelt anakana. Zambirizo anazisungira nkhani yaitali ya pa wailesi imene anakamba pa 9 Disembala. Pamaso pa aphungu, masana a pa 8 Disembala, anawerenga mawu ongopitirira pang'ono 500 m'mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi ndi theka. Kumeneko n'kulankhula mawu osafika 90 pa mphindi, kuphatikizapo nthawi imene anthu ankawomba m'manja.

Chimene chimasiyanitsa nkhani yowerenga ndi nkhani yomvera n'chakuti maso amabwerera m'mbuyo pamene khutu silingathe kutero. Wowerenga nyuzipepala akasochera pakati pa chiganizo amakwezanso maso pa mzere wa pamwamba, ndipo amaona ndi maso pamene ndime yathera. Womvera alibe mwayi umenewo. Liwu likamudutsa ladutsa, ndipo pamene akuyesa kulikumbukira, wolankhula amakhala atapita kale patsogolo ndi ziganizo zina ziwiri. Ntchito yonse ya wokonza zolankhula imachokera pa vuto limeneli. Kutalika kwa ziganizo, kubwereza mawu ndi kayendedwe ka liwu ndi njira zitatu zomupatsira womvera zimene wowerenga amazipeza pa pepala.

Kuti zioneke bwino m'Chichewa, nachi chitsanzo chongopeka, koma cha mtundu umene aliyense amene anakhalapo pa mwambo wa chitukuko anaumvapo. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale akukonzekera kulankhula pa tsiku lotsegulira zipinda zatsopano, ndipo pa pepala lake palembedwa motere:

"Potengera mavuto osiyanasiyana amene ana athu akhala akukumana nawo kwa zaka zambiri, makamaka m'nyengo ya mvula pamene maphunziro amasokonekera chifukwa chosowa zipinda zophunziriramo zokwanira, komiti ya sukulu mogwirizana ndi mafumu komanso makolo inaganiza zoyambitsa ntchito youmba njerwa zokwana 48,750 zimene zathandiza pa kumangidwa kwa zipinda ziwiri zimene tikutsegulira lero."

Malamulo a chinenero palibe limene lathyoledwa, ndipo mu lipoti lopita ku ofesi ya maphunziro chiganizochi chingadutse popanda wodandaula. Koma chili ndi mawu 49 ndi mpumiro umodzi wokha. Mwininkhani wake, amene ndi komiti, akutulukira pa liwu la 25. Mneni wouza anthu chimene komitiyo inachita akubwera pa liwu la 33. Nkhani imene anthu asiyira makasu kuti adzamve, ya zipinda ziwiri, ili pa liwu la 45. Kuyambira pa "potengera" womvera amakhala ngati mayi amene wasenzetsedwa ndowa yodzaza osauzidwa kumene akaitule: akudziwa kuti mawu onsewa akudalira chinthu china chimene chikubwera, koma chinthucho sichikufika.

Pali chinanso chimene kuwerenga mawu kokha sikuonetsa. Mawu a Chichewa ndi aatali chifukwa liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi ndi ntchito yake pamodzi. "Amasokonekera" lili ndi maphatikizo 7, "osiyanasiyana" 7, "zophunziriramo" 6. Mpweya wa munthu umatha ndi maphatikizo, osati ndi mipata ya pa pepala. N'chifukwa chake malangizo ochokera m'mabuku a Chingerezi, onena kuti chiganizo chisapitirire mawu akutiakuti, sangatengedwe osaunika. Muyeso wodalirika ndi chifuwa cha wolankhulayo. Aimirire, awerenge mokweza ndi mphamvu imene adzalankhulire pa bwalo, ndipo mnzake achonge paliponse pamene wakoka mpweya. Ngati chizindikirocho chagwera pakati pa mawu amene sayenera kulekanitsidwa, monga pakati pa "chifukwa" ndi "chosowa", chiganizocho chatalika.

Podula, wokonza sayamba ndi kumwaza mipumiro. Amayamba wafunsa kuti m'chiganizomo muli mfundo zingati. Muno muli zinayi: ana ankavutika, mvula inkaimitsa maphunziro, anthu anaumba njerwa, zipinda zamangidwa. Kenako amasankha yoyamba kumveka, ndipo kawirikawiri imakhala imene wolemba anaibisa kumapeto. Malo odulira amadziulula okha, chifukwa ziganizo zotere zimalumikizidwa ndi mawu odziwika: potengera, malinga ndi, pofuna, amene, zimene, pamene, komanso. Paliponse pamene pali limodzi mwa amenewa pangathe kuyambira chiganizo chatsopano. Chotsatira n'kufufuza ntchito zimene zasandutsidwa mayina. "Kumangidwa kwa zipinda" sikunena amene anamanga, ndipo "inaganiza zoyambitsa ntchito youmba" ndi mawu anayi oimira liwu limodzi lakuti anaumba. Pomaliza amayang'ana anthu amene ali pa bwalopo. Makolo amene pepala likuwatchula ngati anthu akutali ndi omwewo amene akhala pansi pamaso pa mphunzitsiyo, choncho ayenera kulankhulidwa mwachindunji.

Zikatero ndime ija imatuluka motere:

"Lero tikutsegulira zipinda ziwiri. Ana athu ankaphunzira pansi pa mtengo. Mvula ikabwera, sukulu inkathera pomwepo. Makolo munati ayi. Munaumba njerwa. Munatuta mchenga. Munatunga madzi m'mawa ndi madzulo, mpaka khoma linakwera kufika pa denga. Mafumu athu anamema anthu, komiti inayendetsa ntchito, ndipo njerwa zinakwana pafupifupi 50,000."

Mawu atsika pang'ono chabe, kuchoka pa 49 kufika pa 45, koma ziganizo zakwera kuchoka pa chimodzi kufika pa zisanu ndi zitatu. Apa pali phunziro limene okonza ambiri amaliphonya. Cholinga sichinali kufupikitsa nkhani. Mawu opanda ntchito achoka, ndipo malo ake alowa mtengo, mchenga ndi madzi, zinthu zimene munthu amaziona m'maganizo akangozimva. "Mavuto osiyanasiyana" palibe amene anawaonapo ndi maso.

Tsono wina angamve zimenezi n'kuyamba kudula chilichonse mpaka pepala lonse litadzaza ziganizo za mawu atatu. Kumenekonso n'kuwononga. Ziganizo zazifupi zikatsatana kwa nthawi yaitali, liwu limakwera ndi kutsika mofanana, anthu amayamba kumva kugunda kwake m'malo mwa tanthauzo, ndipo ena amaona ngati akukalipiridwa. M'ndime yokonzedwayi ziganizo zili ndi mawu 4, 6, 5, 3, 2, 2, kenako 11 ndi 12. Zazifupi zikuthamangitsa nkhani, zazitali zikuipumitsa. Chiganizo chachitali sichivuta khutu ngati mwininkhani ndi mneni abwera koyambirira, zina zonse n'kumawonjezeka pambuyo chimodzichimodzi. Chimene chimavuta ndi chimene chimaunjika zifukwa kutsogolo n'kusunga mneni kumapeto.

Za nambala ija zikufunika kuimapo pang'ono. Kutchula 48,750 m'Chichewa chenicheni kumafuna mawu 14: zikwi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, mazana asanu ndi awiri ndi makumi asanu. Ambiri akafika pamenepo amangolumphira m'Chingerezi, ena amadodoma kaye akusankha chinenero. Wokonza asasiyire wolankhula chisankho chimenecho pa bwalo. Agwirizane pasadakhale mmene nambala idzatchulidwire, ndipo pa pepala lowerengera ailembe m'mawu monga mmene idzamvekere. Pamene nambala ikungosonyeza kukula kwa ntchito, "pafupifupi zikwi makumi asanu" n'kokwanira. Koma pali malo amene kuzungulitsa nambala n'kulakwa kwakukulu. Msungichuma wopereka lipoti la ndalama za gulu, kapena wolengeza chipepeso pa maliro, ayenera kutchula ndalama iliyonse monga mmene ilili. Pamenepo chithandizo n'kupatsa nambala iliyonse chiganizo chakechake, ndi kubwereza chiwerengero chonse kawiri.

Kubwereza ndi kumene kumasokoneza kwambiri anthu ophunzira, chifukwa ku sukulu anazolowera kuti kulemba liwu limodzi kawiri m'ndime ya chimangirizo ndi umphawi wa mawu. Pa pepala la Roosevelt pali ndime imene mphunzitsi wotero akanaidula ndi inki yofiira. Malipoti atamabwera kuti Japan yaukiranso malo ena, iye ankawonjezera mayina pa mndandanda. Akanatha kuwaika onse m'chiganizo chimodzi cholekanitsidwa ndi mipatuliro. M'malo mwake malo aliwonse anawapatsa chiganizo chake. Choyamba, cha Malaya, chikuyamba ndi kunena kuti dzulo. Zinayi zotsatira, za Hong Kong, Guam, Philippines ndi chilumba cha Wake, zonse zikuyamba ndi kunena kuti usiku wathawu. Chomaliza, cha chilumba cha Midway, chikuyamba ndi kunena kuti m'mawa uno.

Mmene ndime imeneyi imagwirira ntchito n'zoyenera kuziona bwino. Mbali ya chiganizo imene ikubwerezedwa womvera safunikanso kuiganizira, chifukwa waimva kale. Nzeru zake zonse zimapita pa chinthu chimodzi chimene chikusintha, dzina la malo. Ambiri mwa Aamereka amene ankamvera pa wailesi sakanatha kuloza Guam kapena Wake pa mapu, koma ankamva kuti mayina akuchuluka, ndipo kuchulukako ndiye unali uthenga. Kenako, khutu litazolowera kumva za usiku, chiganizo chomaliza chikusintha n'kunena za m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo womvera akuzindikira kuti nkhondoyo ikupitirira pamene iye akumvera. Kubwereza kumamanga chiyembekezo, ndipo mphamvu yake imatuluka pamene wolankhula wachithyola.

Ndi zomwezo zimene zikuchitika pa "munaumba, munatuta, munatunga". Aneni atatu oyamba mofanana, awiri oyamba ali m'ziganizo za maphatikizo 6 ndi 7, ndipo wachitatu akuyamba ngati anzakewo koma akupitirira mpaka pa denga. Akanati onse atatu alingane ndendende, anthu sakanadziwa kuti mndandanda watha. Kutalika kwa wachitatu kukuwauza kuti apa ndi pamapeto, ndipo ngati pa bwalopo padzamveke nthungululu, zidzamveka pamenepo. Mchewa sachita kuphunzira zimenezi m'buku. Anakulira pa nthano zimene wokamba amaima pa mzere uliwonse kudikira kuti omvera avomere kuti ali tonse, ndiponso pa maulaliki amene mlaliki amabwereza funso limodzi mpaka mpingo utayankha. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akagwira cholembera amaiwala zonsezi n'kuyamba kulemba Chichewa cha m'makalata a boma.

Pali kubwereza kwina kosamveka ngati luso, koma kofunika kuposa kumeneku, ndiko kusunga dzina limodzi la chinthu chimodzi. Mphunzitsi uja akanena "zipinda" m'ndime yoyamba, "mdadada" m'ndime yachiwiri, "makalasi" m'yachitatu ndi "nyumba zophunziriramo" m'yachinayi, gogo amene wakhala kumbuyo angathe kupita kwawo akuganiza kuti zamangidwa zinthu zinayi. Wowerenga amatha kuona kuti onsewa ndi mayina a chinthu chimodzi, womvera alibe nthawi yofananiza. Wokonza asankhe liwu limene anthu a m'mudzimo amagwiritsa ntchito n'kukakamira pomwepo. N'chimodzimodzinso mawu olozera monga "iwo", "izi" ndi "zimenezi". Ngati pakati padutsa ziganizo ziwiri kapena zitatu, dzina lenileni litchulidwenso, makamaka m'Chichewa mmene "iwo" angakhale gulu la anthu kapena munthu mmodzi wolemekezeka.

Kubwereza koyenera kuchotsedwa ndi kumene wolemba sanakufune. Kumapezeka mosavuta: munthu atenge cholembera azunguze "komanso" aliyense, "kotero" aliyense, "ndithu" aliyense ndi "monga ndanena kale" aliyense, kenako ayang'ane tsambalo ali chapatali. Kwina kumabisala kufikira pepala litawerengedwa mokweza. Pa chitsanzo chija, wokonza akanakopeka kulemba kuti makolo anatunga madzi dzuwa likuswa mtengo, amene ndi mawu okoma a Chichewa. Koma mtengo wamveka kale ziganizo zochepa m'mbuyomo, pamene ana ankaphunzira pansi pake, ndipo khutu likanalumikiza mitengo iwiriyi popanda chifukwa. Mawu okomawo ayenera kugona panja.

Ngakhale kubwereza kwadala kuli ndi malire. Martin Luther King, polankhula ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, anabwereza mawu onena za loto lake kasanu ndi katatu, koma anachita zimenezo chakumapeto kwa nkhani ya mphindi pafupifupi 17, atayala kale mfundo zake. Mu zolankhula za mphindi zisanu, malo amodzi otere ndi okwanira, ndipo akhale pa mfundo imene wolankhula akufuna kuti anthu akaikambe kunyumba. Ndime iliyonse ikakhala ndi mndandanda wa zitatu, anthu amazindikira njirayo n'kuyamba kuiyembekezera m'malo momvera nkhani.

Kayendedwe ka liwu m'Chichewa kali ndi chinthu chimodzi chimene wokonza angachigwiritse ntchito. Munthu akafika pa liwu limene akupumirapo, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika. Aliyense angadziyese: "madzi" wa mu "madzi ozizira" amadutsa msanga, koma wa mu "munatunga madzi" amakokeka. Ndiye kuti liwu lomaliza la chiganizo limalandira nthawi yambiri kuposa anzake, kenako limatsatidwa ndi kachetechete kamene limapitiriza kumveka m'mutu mwa womvera. Malo amenewo ndi a mtengo wapatali. "Mvula ikabwera, sukulu inkathera pomwepo" ikugwera pa liwu lolemera. Ikanalembedwa kuti "sukulu inkathera pomwepo mvula ikabwera nthawi zambiri", malo abwinowo akanapita kwa mawu osanyamula kanthu. Wokonza waluso amayenda ndi chala pa mawu omaliza a ziganizo zonse za pa tsamba. Akapeza kuti ambiri ndi onga "kwambiri", "zosiyanasiyana" kapena "m'dera lino", amatembenuza ziganizozo kuti zithere pa chinthu chenichenicho.

Zonsezi zimatayika ngati pepala lowerengera lataipidwa ngati kalata. Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nkhondo yomweyo, ankauza alembi ake kuti azitaipa zolankhula zake m'mizere ifupiifupi, wina kulowa mkati pang'ono kuposa unzake, moti a mu ofesi yake ankati zalembedwa ngati Masalimo. Mapepala a zimene analankhula ku nyumba ya malamulo pa 18 Juni 1940, amene akusungidwa ku Cambridge, akuonetsa kalembedwe kameneka. Mzere uliwonse unali mawu otuluka ndi mpweya umodzi. Phindu lake n'loti maso amatola mzere wonse kamodzi, mutu umadzuka, mawu amalankhulidwa kwa anthu, ndipo pobwerera pa pepala munthu sasochera. Mphunzitsi uja angachite chimodzimodzi ngakhale ndi bolopeni: "Mvula ikabwera" pa mzere wake, "sukulu inkathera pomwepo" pa mzere wotsatira, zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi yokha ya pepala, masamba okhala ndi manambala, ndipo chiganizo chisadukire pansi pa tsamba kuti chikathere pa linzake. Pamene akuyembekeza kuti anthu awomba m'manja asiye mpata woonekera, chifukwa wolankhula wamantha amapondereza m'manja mwa anthu ndi chiganizo chotsatira, chimene sichimvekanso.

Malonje ndi mbali imene wokonza ayenera kuigwira mosamala. Pa mwambo wa kumudzi sizitheka kudumpha a gulupu, a mfumu, a khansala kapena mlangizi wa maphunziro pofuna kusunga nthawi, ndipo amene angalangize zimenezo sakudziwa malo amene akulankhulapo. Chimene chingakonzedwe ndi ndondomeko ndi maudindo, kuti aliyense atchulidwe moyenera, pa mzere wakewake, kamodzi kokha. Vuto limabwera pamene mndandanda wonsewo ukubwerezedwa pa chiyambi cha ndime iliyonse. Ndiponso malonje akangotha, chiganizo chotsatira chikhale chachifupi ndi cholunjika, monga "Lero tikutsegulira zipinda ziwiri", chifukwa pamenepo ndi pamene anthu amatcheranso khutu.

Ku Malawi kuno zolankhula zambiri zimadutsanso mwa womasulira, ndipo zimenezi zili ndi mbiri yake. Dr. Hastings Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ankalankhula kwa anthu m'Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri amene ankatembenuzira mawu ake m'Chichewa anali John Msonthi, kenako John Tembo. Kalankhulidwe kosinthana koteroko kakadalipo m'matchalitchi ndi pa misonkhano ya mabungwe. Pepala lodzadutsa mwa womasulira limafuna kukonzedwa mwapadera. Nthawi imawirikiza kawiri, choncho amene wapatsidwa mphindi khumi alembe za mphindi zisanu. Chidutswa chilichonse chikhale ganizo lathunthu, chifukwa womasulira sangayambe chiganizo chimene sakudziwa mathero ake, ndipo zinenero ziwiri sizindandalika mawu mofanana. Chiganizo cha "potengera" chija chikanamuika pa mavuto: wolankhula akanaima pa "zokwanira", mawu 24 atapita popanda mwininkhani, ndipo womasulira akanangoyenera kupeka mathero kapena kusiya anthu m'malere. Ndime yokonzedwa ija imagawika yokha. Ndi bwinonso kumupatsa womasulira pepalalo dzulo lake, makamaka chifukwa cha manambala ndi mayina, ndi kumuonetsa malo amene mawu abwerezedwa dala kuti nayenso asasinthe liwu pofuna kukometsa.

Kuyesa komaliza kumafuna foni ndi munthu mmodzi amene sanaonepo pepalalo. Wolankhula aimirire patali ndithu, atchere wotchi ya pa foni, ajambule mawu ake, awerenge kuyambira pa malonje mpaka pa zikomo osaima kuti akonze. Nthawi imene yatuluka ndi yochepa kuposa imene idzatuluke pa tsikulo, chifukwa pa bwalo pali kuwomba m'manja, mphepo, ndi chimkuzamawu chimene chimabweza mawu kuchokera ku makoma, n'kukakamiza munthu kudikira kuti chiganizo chithe kumveka asanayambe china. Ngati m'nyumba pepala ladya kale mphindi zonse zimene anapatsidwa, pa bwalo lidzapitirira, ndipo mankhwala ake n'kuchotsa mfundo yathunthu, osati kuthamanga.

Pomvera zojambulazo, malo atatu ndi ofunika kuchonga. Pamene lilime lapunthwa kawiri pa malo amodzi, vuto ndi la mawuwo, ndipo asinthidwe m'malo moumirira kuwaloweza. Pamene wolankhula wanena zosiyana ndi zimene zalembedwa, kawirikawiri pakamwa pasankha bwino kuposa dzanja, ndipo pepala litsatire pakamwa. Pamene liwu lazilala chiganizo chisanathe, mpweya unatha, ndipo chiganizocho chidulidwenso. Kenako womvera uja afunsidwe kuti anene zimene wamva osayang'ana pa pepala. Akati makolo anaumba njerwa, anatuta mchenga, ndipo zipinda ziwiri zatha, ndimeyo yakonzeka. Akati kunali nkhani ya mavuto a sukulu koma sakukumbuka kuti amangapo chiyani, wokonza abwerere pa ndime imene zipindazo zatchulidwa, aone kuti zaikidwa pa liwu la chingati.